Invoyisi ya madola 8,000 ndi tsiku lomwe kwacha inagwa

Ndimasunga mabuku a ndalama pa kampani ina yaing'ono ku Blantyre yomwe imaitanitsa mapampu a madzi oyendera dzuwa kuchokera kunja. Mu Okutobala 2023 tinalandira katundu kuchokera kwa saplaya wathu wa ku Joni, ndipo invoyisi yake inali ya madola 8,000. Anatipatsa pangongole, tilipire pasanathe masiku 60. Invoyisi imeneyi inandivuta miyezi isanu ndi theka, moti manambala ake ndimawadziwa pamtima mpaka lero.

Mabuku athu ali m'makwacha, choncho ntchito yoyamba inali kusintha madolawo kuti akhale makwacha. Apa panali mafunso awiri, la tsiku ndi la reti. Pa za tsiku, lamulo la kasungidwe ka mabuku lotchedwa IAS 21 limati tigwiritse ntchito reti ya tsiku lomwe malondawo achitika, kutanthauza tsiku lomwe katundu wakhala wathu malinga ndi mgwirizano. Tsiku lomwe invoyisi yafika pa imelo kapena lomwe ndapeza mpata woilowetsa m'kompyuta siliwerengedwa. Kwa ife linali 16 Okutobala, pomwe mapampu anafika pakhomo. Pa za reti, banki imakhala ndi ziwiri, yogulira ndi yogulitsira. Ife tili ndi ngongole, tidzafunika kugula madola kuti tiibweze, ndiye timatenga reti yomwe banki imagulitsira dola. Makampani ena amatenga yapakati, ndipo palibe mlandu bola osamasinthasintha. Tsikulo reti inali K1,180 pa dola, tikataya matambala. Ndinasindikiza pepala la mareti la banki n'kulimata kumbuyo kwa invoyisi, chifukwa odita safunsa zomwe ukukumbukira, amafuna pepala.

```
8,000 x 1,180 = 9,440,000
```

Ndinalemba debiti ya K9,440,000 ku akaunti ya katundu wa m'sitoko, ndi kirediti ya K9,440,000 ku akaunti ya saplaya. Nambala ya kusitoko ija imakhala momwemo, siisinthanso ngakhale kwacha itavina bwanji, poti mapampu tinawagula tsiku limenelo pa mtengo umenewo. Mbali ya ngongole ndiyo imasintha, chifukwa saplaya sakudikira makwacha 9,440,000, akudikira madola ake 8,000.

Tinapereka mapepala ku banki sabata yomweyo kuti atipatse madola. Amene anaitanitsako katundu chaka chimenecho akudziwa mmene zinalili. Makwacha tinali nawo mu akaunti, koma madola kunalibe, ndipo tinangouzidwa kuti tili pa mzere. Tili pa mzerepo, pa 9 Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bwana anga analowa mu ofesi m'mawa umenewo osapereka ngakhale moni, n'kufunsa kuti, "Achimwene, ngongole ya ku Joni ija tsopano ndi zingati?" Ndinawayankha kuti madola ake ndi omwewo, 8,000. Iwo anati, "Sindikufunsa madola ine."

Kumapeto kwa Novembala banki inatipatsa madola 5,000 okha pa reti ya K1,700, ndipo mu akaunti yathu munachoka K8,500,000, osawerengera ndalama zina za banki zotumizira. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Ndinatenga K8,500,000 yonseyo n'kuilemba ngati debiti ku akaunti ya saplaya, monga ndimachitira ndi wina aliyense wa kuno kwathu. Banki inagwirizana ndi mabuku, ine n'kutseka mwezi mtima uli m'malo.

Chinandiulula ndi sitetimenti ya saplaya. Iye analemba kuti tatsala ndi madola 3,000. Leja yanga inkaonetsa kuti tatsala ndi K940,000, ndiye kuti 9,440,000 kuchotsa 8,500,000. Nditagawa K940,000 ndi madola 3,000 ndinapeza K313 pa dola, reti yomwe munthu sakanaipeza kulikonse m'Malawi muno mwezi umenewo. Kuyambira tsiku limenelo, akaunti iliyonse ya saplaya wakunja ndimaiyesa motero. Ndimagawa makwacha otsala ndi madola otsala, ndipo yankho likapanda kufanana ndi reti yomwe ndinalembera ngongoleyo, ndimadziwa kuti penapake pabisala phindu kapena kuluza komwe sindinalembe.

Kulemba kolondola n'kwakuti ngongole imachoka m'mabuku pa reti yomwe inalowera. Madola 5,000 omwe tinalipira analowa pa K1,180, choncho ngongole yomwe yachoka ndi K5,900,000 basi. Koma kubanki kwachoka K8,500,000. Kusiyana kwake, K2,600,000, sikunapite kwa saplaya ngati ndalama yochepetsa ngongole. Ndi ndalama yomwe taluza chifukwa cha kusintha kwa reti, ndipo imakhala ndi akaunti yakeyake, yomwe m'kompyuta mwathu imatchedwa `Realised exchange loss`, kutanthauza kuluza komwe kwachitikadi, ndalama zatuluka. Ndinafufuta zolakwika zija n'kulemba chonchi: debiti K5,900,000 kwa saplaya, debiti K2,600,000 ku akaunti ya kuluza, kirediti K8,500,000 kubanki. Akaunti ya saplaya inatsala ndi K3,540,000, ndipo ukagawa ndi 3,000 imakupatsa K1,180 ndendende.

Ndalama zotumizira za banki ndinaziika padera, ku akaunti ya zolipira kubanki. Ambiri amazisakaniza ndi kuluza kwa reti poti zonse zimachoka tsiku limodzi, koma ukatero nambala ya kuluza siigwirizananso ndi masamu, ndipo kumapeto kwa chaka umataya tsiku lathunthu kufunafuna kandalama kochepa.

Bwana ataona K2,600,000 yakhala pa zoluza za mweziwo, sanakondwe. Maganizo awo anali akuti tiiphatikize ku mtengo wa mapampu, poti kunena zoona mapampuwo atidyera ndalama zambiri kuposa zomwe zili pa invoyisi. Ndimawamvetsa, ndipo poika mitengo yogulitsira ndinawalangiza kuti awerengere dola ya K1,700, chifukwa mapampu otsatira tidzagula pa reti imeneyo. Koma m'mabuku sizitheka. Sitinaluze chifukwa chogula mapampu, tinaluza chifukwa chokhala ndi ngongole ya madola pa tsiku lomwe kwacha inagwa. Tikanalipira pa 16 Okutobala pomwepo, mapampu akanakhala omwewo koma kuluzako sikukanakhalapo. Ukakubisa m'sitoko, phindu la mweziwo limaoneka lonenepa, sitoko n'kukhala ndi mtengo wabodza, ndipo odita akabwera amakuuza kuti ubweze.

Chaka chathu chimatha pa 31 Disembala, ndipo tsikulo linafika madola 3,000 aja tisanawapeze. Apa pali sitepe yomwe anthu ambiri amaiwala. Ngakhale sunalipire, ngongole ya ndalama zakunja imayenera kuwerengedwanso pa reti ya tsiku lotseka mabuku. Kusiya K3,540,000 m'mabuku kukanakhala kunamiza aliyense wowerenga, popeza kubweza ngongoleyo tsiku limenelo kukanafuna 3,000 kuchulukitsa ndi 1,700, yomwe ndi K5,100,000. Choncho ndinakweza ngongole ndi K1,560,000, kirediti kwa saplaya, debiti ku akaunti ina ya kuluza, `Unrealised exchange loss`. Uku ndi kuluza kwa papepala, ndalama sizinatuluke, ndipo reti itati ibwerere kukhoza kuchepa. Kumalowabe m'zoluza za chakacho. Chifukwa chomwe ndimakusungira mu akaunti yosiyana ndi msonkho: powerengera msonkho wa ku MRA, kuluza kwa papepala timakubwezera pa phindu, n'kudzakuchotsa chaka chomwe talipiradi. Ukaziphatikiza mu akaunti imodzi, wokonza za msonkho amayamba kufukula invoyisi imodziimodzi.

Madola otsalawo tinawapeza kumayambiriro kwa Epulo 2024, reti itakweranso pang'ono kufika K1,751. Kubanki kunachoka K5,253,000. Msampha wa pano ndi kubwerera ku reti yoyamba ija. Ukatenga 5,253,000 kuchotsa 3,540,000 umapeza K1,713,000, ndipo ukailemba yonseyo ngati kuluza kwa 2024 ndiye kuti K1,560,000 waiwerenga kawiri, poti inalowa kale m'mabuku a 2023. Ngongole inali itakwezedwa kale kufika K5,100,000, choncho kuluza kwatsopano ndi K153,000 yokha. Ndinalemba debiti K5,100,000 kwa saplaya, debiti K153,000 ku zoluza, kirediti K5,253,000 kubanki. Kenako K1,560,000 ija ndinaisamutsa kuchoka ku akaunti ya kuluza kwa papepala kupita ku ya kuluza kwenikweni, zomwe sizisintha phindu la chaka koma zimathandiza pa msonkho. Mapulogalamu ena a kompyuta amachita mwa njira ina: amafufuta okha za pa 31 Disembala tsiku loyamba la chaka chatsopano, kenako polipira n'kulemba K1,713,000 yonse. Mathero ake ndi omwewo, K153,000, koma uyenera kudziwa kuti pulogalamu yako imatsata njira iti usanawonjezere zako ndi manja.

Phindu limalembedwa chimodzimodzi, kungotembenuza mbali. Ndi dola sindinalionepo, koma ndi randi zimachitika, chifukwa randi imatha kufooka pakati pa tsiku la invoyisi ndi tsiku lolipira. Ukalipira makwacha ochepa kuposa omwe unalemba, ngongole imachokabe yonse pa reti yake yakale, ndipo chotsalacho chimakhala kirediti ku akaunti ya phindu la kusintha kwa reti. Koma depoziti yolipiriratu katundu asanabwere ndi nkhani ina. Imeneyo siiwerengedwanso kumapeto kwa chaka, imakhala pa reti ya tsiku lomwe inalipiridwa, poti chomwe ukudikira ndi katundu, si ndalama.

Odita atabwera kudzaona mabuku a 2023, invoyisiyi inali itatsekedwa kale, ndipo mayi yemwe ankatsogolera gulu lawo anaisankha yoyamba. Ndinawapatsa fayilo: invoyisi, mapepala a mareti, makalata awiri a banki otsimikiza kutumiza ndalama, ndi kapepala kamodzi komwe ndinalembapo masamu onse. Makwacha omwe tinalipira onse pamodzi anali K13,753,000. Omwe tinalemba poyamba anali K9,440,000. Kusiyana kwake ndi K4,313,000, ndipo ukaphatikiza 2,600,000 ndi 1,560,000 ndi 153,000 umapeza nambala yomweyo. Akaunti ya saplaya inali pa ziro m'madola, pa ziro m'makwacha. Mayiwo anabwereza masamuwo pa kakyuleta yawo, anachonga pakona pa pepala ndi cholembera chofiira, n'kufunsa kuti, "Bambo, nanga ya randi ija ili kuti?"