Momwe ndimayalira umboni wa masamu wochokera pa chithunzi cha bolodi

Kuno ku Kasungu, kaya ndi ku Chamama, ku Santhe kapena pa boma, ophunzira ambiri okonzekera mayeso a MSCE amalandira masamu ngati chithunzi. Mmodzi amajambula bolodi aphunzitsi asanafufute, nkutumiza pa WhatsApp, anzake nkumakopera m'makope. Chithunzi chimasunga zimene zinalembedwa ndi choko basi. Zimene aphunzitsi ananena pakamwa, akuloza ndi rula, sizilowamo, ndipo nthawi zambiri ndi zomwezo zimene zimalumikiza mzere wina ndi unzake. Ndiye ndikalandira chithunzi chotere ntchito yanga imakhala yobwezeretsa zolumikizazo, kuti mzere uliwonse uoneke chimene watsamira.

Nditenga umboni umodzi wodziwika wa za bwalo lozungulira. Umati ngodya imene uta wa bwalo, womwe ndi chigawo cha mkombero wake, umapanga pakati pa bwalolo ndi kawiri ngodya imene uta womwewo umapanga pa mkombero. Ndi wakalekale, uli kale m'buku la Euclid, katswiri wa masamu wakale wa Chigiriki, gawo lachitatu, mfundo ya 20. Pa chithunzi changa O ndi pakati pa bwalo, A, B ndi P ali pa mkombero, ndipo chofunika kusonyeza nchakuti ∠AOB = 2∠APB.

Ndimayamba ndi chithunzicho, masamu ndisanawakhudze. Bolodi la simenti lopakidwa utoto wakuda limanyezimira kuwala kukalowera pawindo, ndipo pamalo ponyezimirapo choko chimazimirira. Ngati wojambula akadali m'kalasi, ndimamupempha ajambule kawiri, ataima molunjika bolodi, osati chammbali, komanso azimitse kuwala kwa kamera. Chojambula cha bwalo achijambule pachokha, pafupi. Potumiza, asankhe kutumiza ngati fayilo, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi tizilembo ting'onoting'ono ta m'ngodya, tomwe ndikutifuna kwambiri.

Kenako ndimakopera zonse papepala monga zilili, osakonza kanthu, mzere uliwonse ndi nambala yake. Bwalolo ndimalijambulanso ndekha ndi kampasi ndi rula, chifukwa pa chithunzi chojambulidwa chammbali bwalo limaphwatalala ndipo mizere yofanana imaoneka yosiyana. Chilembo chimene sindikuchiona bwino ndimachizunguliza ndi pensulo nkupitirira. Sindichilosera pa nthawi imeneyi. Pa choko O amafanana ndi Q, D ndi 0, pamene P amafanana ndi B kapena R mchira wake ukafufutika.

Pa chithunzi chathu pali malo amodzi otere. Mzere woyamba wa umboni ukuoneka ngati OA = OB, koma chilembo chomaliza chagwera ponyezimira. Apa mpoyenera kusamala kwambiri, chifukwa OA = OB ndi zoona. Onse ndi marediyasi a bwalo limodzi, choncho munthu wongowerenga sangakayike. Chimene chimaulula cholakwikacho ndi mzere wotsatira, womwe ukuti ∠OAP = ∠OPA. Ngodya ziwirizi zili mu thirayango OAP, ndipo kuti zifanane pamafunika mbali ziwiri za thirayango yomweyo zifanane, zomwe ndi OA ndi OP. Thirayango OAB sikugwiritsidwa ntchito paliponse mu umboni wonsewu. Choncho chilembo chija ndi P. Umu ndi momwe ndimatsimikizira chilembo chokayikitsa: ndimafunsa kuti mzere wapansi pake ukufuna chiyani kuti uime. Kungoona kuti mzere ndi woona sikukwanira.

Ndikamaliza kukopera ndimalemba mathero poyamba, pansi pa pepala latsopano: ∠AOB = 2∠APB. Ndimatero chifukwa pa bolodi mzere wotsiriza kulembedwa sukhala pansi nthawi zonse. Malo akatha, aphunzitsi amapitiriza kumanja, mwina nkupanikiza mizere iwiri yomaliza pansi pa chojambula. Ukadziwa kopita, dongosolo la mizere limaoneka lokha.

Pamwamba pa pepalalo ndimalemba zopatsidwa, ndipo pano mpamene ambiri amasokoneza zinthu zitatu zosiyana. Zopatsidwa zenizeni ndi ziwiri: O ndi pakati pa bwalo, ndipo A, B ndi P ali pa mkombero. Mzere wochoka pa P, wodutsa pa O nkukafika pa Q, sunapatsidwe. Tinaujambula tokha kuti utithandize, ndipo n'chifukwa chake Q sapezeka m'mathero. Ndimauika pamutu wakewake, wa zowonjezera. Chachitatu ndi tizilembo x, x, y, y tolembedwa m'ngodya pa chojambula. Popeza chithunzi chinajambulidwa phunziro litatha, tizilemboti timaoneka ngati tinalipo kuyambira pachiyambi, pamene aphunzitsi anatiika mkati mwa umboni, atasonyeza kale kuti ngodyazo nzofanana. Wozitenga ngati zopatsidwa wadumpha theka la ntchito. Pa chizindikiro chilichonse cha pa chojambula ndimadzifunsa kuti kodi funso linabwera nacho, kapena chinatuluka mu umboni.

Palinso malamulo akale amene umboniwu wabwereka osawatsimikizanso. Pa bolodi amalembedwa mwachidule kumapeto kwa mzere, monga `ext. ∠ of Δ`, ndipo kumapeto kwa mzere ndi kumene kamera imadula kawirikawiri. Ine ndimawalemba onse mwathunthu. Loyamba, L1, likuti marediyasi a bwalo limodzi ndi ofanana. Lachiwiri, L2, likuti mu thirayango ya mbali ziwiri zofanana, ngodya zoyang'anizana ndi mbalizo nzofanana. Lachitatu, L3, likuti ngodya yakunja ya thirayango ndi yofanana ndi ngodya ziwiri zamkati zotalikirana nayo zitaphatikizidwa.

Tsopano masitepe. Lamulo langa ndi limodzi: sitepe iliyonse inene chinthu chimodzi, ndipo kumanja kwake kulembedwe chimene yatsamira, kaya ndi chopatsidwa (Z), chowonjezera (W), lamulo (L), kapena sitepe ya m'mbuyo (S). Zimatuluka chonchi:

```
S1  OA = OP               Z, L1
S2  ∠OAP = ∠OPA = x       S1, L2
S3  ∠AOQ = 2x             S2, W, L3
S4  OB = OP               Z, L1
S5  ∠OBP = ∠OPB = y       S4, L2
S6  ∠BOQ = 2y             S5, W, L3
S7  ∠APB = x + y          S2, S5, ?
S8  ∠AOB = 2x + 2y        S3, S6, ?
S9  ∠AOB = 2∠APB          S7, S8
```

Pa bolodi panalibe S4 ndi S5. Aphunzitsi anangolemba liwu limodzi lotanthauza kuti "chimodzimodzinso" nkulumphira pa ∠BOQ = 2y. Kulumpha kotero nkololedwa, koma poyala ndimakumasula, chifukwa ndi njira yokhayo yotsimikizira kuti mbali inayo ikuyendadi chimodzimodzi. S7 nayo panalibe, inabisala mkati mwa mzere womaliza. Onaninso S3: W walembedwapo chifukwa ∠AOQ ndi ngodya yakunja ya thirayango OAP pokhapokha P, O ndi Q ali pamzere umodzi woongoka. Mzere uja ukanapindika pa O, L3 silikanagwira.

Ndikatero ndimayenda chobwerera kuchokera pa S9. S9 ikufuna S7 ndi S8, S8 ikufuna S3 ndi S6, mpaka ndikafike pa Z. Ndimayang'ana zinthu ziwiri. Sitepe imene palibe inzake yoitchula ndi chizindikiro choti ndawerenga molakwa, monga zikanakhalira ndi OA = OB. Sitepe yotchula ina ya kutsogolo kwake ndi chizindikiro choti ndasokoneza dongosolo la mizere, kapena umboniwo ukuzungulira pamalo amodzi. Zili ngati poyendera chigafa cha fodya: mtanda uliwonse uyenera kukhala pa mphanda yozikika pansi.

Zizindikiro ziwiri za funso zija ndi mitanda yopanda mphanda, ndipo kwa ine ndiye phindu lalikulu la ntchito yonseyi. N'chifukwa chiyani ∠APB ndi x kuphatikiza y? Yankho la ophunzira limakhala lakuti zikuoneka pa chojambula. Zikuonekadi, chifukwa aphunzitsi anaika P pamwamba, A kumanzere ndi B kumanja, kotero kuti mzere PQ ukudutsa pakati pa PA ndi PB. Koma zopatsidwa sizinanene zimenezo. Zinangoti P ali pa mkombero. Ndiye kuti umboniwu watsamira chinthu chimene sichinalembedwe paliponse: O ali mkati mwa ngodya APB. Ndimachilemba pamwamba, pansi pa zopatsidwa, ndi dzina lakelake H, ndi mawu oti "chachokera pa chojambula", kenako ndimafufuta mafunso aja nkuikapo H.

Kuti ndione ngati H ndi wofunikadi, ndimayesa ndi manambala. Poyamba ndimasunga H: x akhale madigiri 25, y akhale 35. Pamenepo ∠APB ndi 60, ∠AOQ ndi 50, ∠BOQ ndi 70, ndipo ∠AOB ndi 120, kawiri 60. Kenako ndimasuntha P pa mkombero mpaka A ndi B onse akhale mbali imodzi ya mzere PQ, x akhale 20, y akhale 50. Masitepe S1 mpaka S6 sakusintha konse: ∠AOQ ndi 40, ∠BOQ ndi 100. Koma tsopano ngodya yaing'ono ili mkati mwa yaikulu. ∠APB ndi 50 kuchotsa 20, yomwe ndi 30, ndipo ∠AOB ndi 100 kuchotsa 40, yomwe ndi 60. Mathero akadali oona, pakuti 60 ndi kawiri 30, koma S7 ndi S8 monga tinazilembera zikanapereka 70 ndi 140, zomwe pulotirakita ikukana. Choncho chithunzi chija chinali ndi umboni wa kakhalidwe kamodzi kokha. M'dongosolo langa ndimagawa nthambi pambuyo pa S6: O akakhala mkati mwa ngodya timaphatikiza, akakhala kunja timachotsera, ∠AOB = 2y − 2x ndi ∠APB = y − x.

Patsala kakhalidwe kena, pamene PA akudutsa pa O penipeni. Apo thirayango OAP kulibe, yasanduka mzere, ndipo S1 mpaka S3 sizifunika. Q amagwera pamzere wa PA, kotero S4 mpaka S6 zokha zimapereka ∠AOB = 2y, pamene ∠APB ndi y.

Mathero enieniwo amafunanso mawu owonjezera. P akakhala pa uta waufupi, pakati pa A ndi B, O amakhalabe mkati mwa ngodya APB ndipo kuphatikiza kumagwira. Koma taikani x akhale 50, y akhale 60. ∠APB ndi 110, ndipo 2x + 2y ndi 220, yomwe ndi ngodya yaikulu yozungulira kuseri kwa O. Wophunzira woyeza ngodya yaing'ono adzapeza 140 nkuganiza kuti lamulo lalephera. N'chifukwa chake pansi pa S9 ndimalemba kuti ∠AOB ikutanthauza ngodya imene Q ali mkati mwake pa nthambi yophatikiza, ndipo pa nthambi zonse ndi ngodya yoyang'ana uta AB umene P salipo, ngakhale itapitirira madigiri 180.