Miyezi 6 siivii yanga ili kwa a ejensi, lero ndawaimbira

Lachiwiri, kuno ku Kasungu. Ndadzuka ndi maganizo amodzi basi, oti lero ndiwaimbire anthu a ejensi yopezera anthu ntchito aja a ku Lilongwe ndipo foni ndisadule mpaka nditamva zenizeni. Siivii yanga ndinawatumizira mu Febuluwale, kontirakiti yanga ya ukalaliki wa sitolo ku esiteti ya fodya itangotha kumene, pano tili mu Ogasiti, msika wa fodya ku Chinkhoma wayamba kale kuzizira koma ine ndikadali pakhomo. Ndinawaimbirapo kawiri, mu Epulo ndi mu Juni, ulendo uliwonse ndimangofunsa kuti "kodi pali chilichonse?" iwo nkuti "mukadali mu sisitemu bambo, chikapezeka tikuimbirani", ine nkuthokoza nkudula.

Dzulo madzulo asuweni anga amene anagwirapo ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito anandiuza mosabisa kuti achimwene funso lanulo ndi lomwe likukupwetekani, chifukwa munthu wa pa risepushoni alibe yankho lina loti angakupatseni. Anati ndipemphe kulankhula ndi amene amayendetsa ntchito za masitolo ndi maweyahausi, ndipo mafunso ndilemberetu papepala. Ndinalemba atatu kuseri kwa risiti ya magetsi.

Cha m'ma 9 koloko ndagula mayunitsi pa okala ya pafupi nkuimba. Wa pa risepushoni wayamba nyimbo yomwe ija, ndamudula mwaulemu kuti pepani mayi, ndikupempha ndilankhule ndi amene ali ndi failo yanga. Wati ali pa miting'i ndiimbenso 11. Ndaimbanso 11 yeniyeniyo, ndipo ulendo uno anandilumikiza ndi mayi wina wolankhula modekha, ndimamva akutaipa dzina langa.

Funso loyamba: chiyambire Febuluwale, siivii yangayi munaitumizapo ku kampani ina iliyonse? Anakhala chete pang'ono kenako anati ayi bambo, sinapiteko kulikonse. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa miyezi yonseyi ine ndimaganiza kuti makampani akuiona nkumandikana, mpaka ndinayamba kudzikayikira kuti mwina zaka 4 zomwe ndagwira sizokwanira, pomwe palibe bwana ngakhale mmodzi anaionapo. Funso lachiwiri linali loti kodi ntchito za ukalaliki wa sitolo zinabwerapo? Anati zinabwera ziwiri, ina mu Meyi ya weyahausi ku Kanengo, ina mu Julaye. Nde ndafunsa lachitatu lija, nanga dzina langa linatsalira pati?

Apa mayi aja anandifotokozera bwinobwino, ndipo ndikuwathokoza ngakhale mtima ukuwawabe kuti izi akanandiuza kalekale. Anati amene amawalipira ndi kampani yomwe ikufuna munthu, osati ife ofuna ntchito, nde iwo sakhala pansi nkumati tiyeni timupezere malo uyu. Amadikira kampani ibwere ndi ntchito, kenako amalowa mu kompyuta nkusaka ndi mawu omwe kampaniyo yatchula, monga `stock control` kapena `bin cards`, mayina omwe atulukawo ndi omwe amawerenga, nkusankhapo anayi kaya asanu otumiza. Amene sanatuluke pa kusakako ndiye kuti palibe wamuwerenga, olo akhale katswiri chotani.

Ine sindinatuluke chifukwa siivii yanga inali chithunzi. Mu Febuluwale muja ndinali ndi ya papepala yokha, ndinaijambula ndi foni nkuisandutsa PDF, ndipo pamaso imaoneka bwinobwino, koma kwa kompyuta ndi foto chabe, mulibe mawu oti ingasake. Wondilembetsa anangoiponya mu gulu la ntchito wamba za mu ofesi, osati za masitolo. Chinanso pa fomu yawo panali funso loti kodi mungasamuke, ine ndinasiya osayankha poganiza kuti nzosafunika, nde adilesi ikuti Kasungu ntchito ili ku Kanengo, mtunda wopitirira makilomita 100, kampani ikufuna munthu woyamba Lolemba likudzali, iwo amayamba atenga a mu Lilongwe momwemo. Ndawauza kuti mayi ine ndili ndi mlongo wanga ku Lilongwe, mutandiitana lero mawa m'mawa ndakwera minibasi ndafika. Ati zimenezo ndizilembe pamwamba penipeni pa siivii.

Ndisanadule ndapempha zinthu ziwiri. Ndati musanatumize siivii yanga kulikonse muzindiuza kaye dzina la kampani, chifukwa nanenso ndimaapulaya ndekha ndikaona ntchito mu nyuzi, ndipo asuweni anandichenjeza kuti siivii ikafika kawiri pa kampani imodzi, kudzera kwa ejensi komanso kwa iwe mwini, pamabuka mkangano woti kodi ejensi ilipidwe kapena ayi, mabwana ena amangokusiya kuti apewe phokoso. Avomera. Chachiwiri ndapempha imelo yawo yeniyeni osati ija ya ofesi yonse, andipatsa. Za ndalama sanatchulepo, ndipo akanati ndilipire kenakake kuti failo yanga ikwere pamwamba ndikanadziwa kuti pano palibe ntchito, ndi katangale.

Masana ndakwera kabaza kupita mtauni pa kashopu kotaipa ndi kupulinta pafupi ndi depoti. Magetsi analipo mwamwayi. Mnyamata wa pamenepo amafuna angosikana pepala lija kuti zithe msanga, ndati iyayi aise, kusikanako ndi komwe kwandigoneka miyezi 6, titaipe yonse mu Word. Tinakhala limodzi pafupifupi ola. Poyamba pa ntchito ya ku esiteti ndinangolemba mzere umodzi woti ndinali kalaliki wa sitolo, lero ndalemba zomwe ndimachitadi: kulandira feteleza ndi mankhwala nkulemba `goods received note`, kutulutsa katundu ndi rikwizishoni yosainidwa ndi manejala, kusunga mabinikhadi, kuwerenga sitoko kumapeto a mwezi uliwonse nkufananitsa ndi zomwe zili mu Excel. Nambala ya mmodzi mwa marefuli anga inasinthanso, ndamuimbira pompo kutsimikiza yatsopano ndi kumudziwitsa kuti mwina aimbiridwa.

Titamaliza tasunga ngati PDF kuchokera mu Word momwemo, kenako tayesa mmene mayi aja anandiuzira: kutsegula failo, kudina Ctrl+F nkulemba `stock`. Pa yatsopano mawuwo anawala malo angapo. Tatsegula yakale ija kuyesa chimodzimodzi, sinapeze kanthu, ngakhale kukoka mausi pamwamba pa mawu sikumatheka. Ndinakhala kaye phee kuyang'ana sikirini, mnyamata uja mpaka anandifunsa ngati ndili bwino.

Imelo ndatumiza 3 koloko itangodutsa. Pamutu ndalemba dzina langa ndi `Stores Clerk - updated CV`, mkatimo mizere yochepa yokha: kuti talankhulana lero, ndikupempha achotse siivii yakale, andisamutsire ku gulu la masitolo, ndipo ndingayambe ntchito ku Lilongwe nthawi iliyonse. Tagwirizana kuti ndiziwalembera kamodzi pa mwezi, komanso ndikaona alengeza ntchito yondiyenera ndiziwatumizira uthenga tsiku lomwelo nditchule ntchitoyo, osadikira kuti andikumbukire. Ndadziuzanso kuti ikafika Okutobala kutabwera ntchito ina ya sitolo koma ine osatumizidwa popanda chifukwa chomveka, ndidzawapempha achotse siivii yanga, ndipo pakadali pano ndikalembetsanso ku ejensi ina komanso ndikafunse ku ofesi ya leba pa boma pano.

Ndili pa nsima madzulo foni yalira, imelo ya mzere umodzi yoti alandira ndipo asintha gulu. Mayi a kunyumba andifunsa ngati ndi ntchito, ndati ayi sinafike, koma ndawawerengera uthengawo kawiri. Pa kalendala ya kukhoma ndazunguliza Lolemba loyamba la Seputembala.