Funso la chakudya linatitayitsa ku Dedza

Chaka china ndinapatsidwa mafunso a HFIAS, aja 9 oyezera kusowa kwa chakudya pakhomo, kuti ndiwaike m'Chichewa. Tinali awiri, aliyense kumasulira kwayekha osaonerana. Titamaliza tinakhala pansi ndi mwini kafukufuku n'kumafananitsa funso ndi funso.

Mkangano woyamba unali pa mawu oti banja. Mnzanga analemba "banja lanu", ine "pakhomo panu". Mukafunsa mayi za banja lawo akuwerengerani ndi mwana amene ali ku Joni, pomwe kafukufuku akufuna okhawo odyera limodzi. Tinagwirizana zoti wofunsa aziyamba wafotokoza kuti tikunena anthu amene amagona pakhomopo ndi kudya za mumphika umodzi.

Kenako tinapereka Chichewa chathu kwa munthu wachitatu amene sanaone Chingerezi choyambacho, kuti abwezere m'Chingerezi. Zinafanana bwinobwino, ndipo ndinayesa ntchito yatha.

Ayi ndithu. Tinapita kumudzi wina ku Dedza kukayesa mafunsowo pa anthu ochepa. Funso la 7 limafunsa ngati m'masabata anayi apitawa panali tsiku limene pakhomo panalibe chakudya chamtundu uliwonse. Mayi wina anayankha msanga kuti inde, kangapo. Funso lotsatira, la kugona ndi njala, anati indenso. Ndiye ndinafunsa mwapadera:

"Mayi, tsiku lomaliza limene munalibe chakudyalo, munatani?"

"Tinangophika mbatata basi, ana n'kumwera tiyi."

Apa m'pamene ndinazindikira. Kwa mayiwa chakudya ndi nsima, ndipo kugonera mbatata ndiko kugona ndi njala. Sananame. Koma funso la 7 likufuna khomo limene mulibiretu kanthu, ndipo tikadalisiya choncho, makomo osowa ufa okha akadawerengedwa pamodzi ndi osowa chilichonse. Wobwezera m'Chingerezi uja sakadaligwira vutoli, chifukwa iye ndi wakusukulu ngati ife: akaona "chakudya" amalemba liwu lomwe lija tinachokerako.

Tinalikonza motere: "panalibe chilichonse choti n'kudya, kaya nsima, mbatata, chinangwa, maungu kapena phala". Lidatalika, koma titabwerera kwa anthu ena, ofotokoza za mbatata anayamba kuyankha kuti ayi.

Mayankho a kuchuluka kwake sanativute kwambiri, popeza eni mafunsowa anaikiratu manambala: kamodzi kapena kawiri, katatu mpaka ka 10, ndi kupitirira ka 10. Tinangosiya "mwa apo ndi apo" ndi "kawirikawiri", amene aliyense amawamva mwakemwake, n'kuuza ofunsa kuti aziwerenga manambalawo.

Kusintha kulikonse ndinakulemba m'kope pamodzi ndi chifukwa chake. Pa maphunziro a ofunsa mafunso, mnyamata wina anafuna kufupikitsa funso la 7 ati likuchedwetsa, ndipo ndinangomutsegulira tsamba la mbatata lija.