Ndinkalembera mwini nyumba m'malo mwa woyifuna

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikulemba zotsatsa nyumba za lendi ngati ndakatulo, foni ili zii. Sabata yathayi mpamene zandilowa m'mutu, ndipo mtima wakhala pansi. Za kujambula zithunzi masana ndi kuika nambala ya foni sindinenapo, tonse amene tikuphunzira ntchito ya uejenti timazidziwa.

Zinayamba ndi nyumba ya azakhali anga ku Luwinga, kuno ku Mzuzu, ya zipinda ziwiri zogona. Mutu umene ndinaupatsa unali uwu:

```
Executive dream home available now!!!
```

Ndinaulemba pachithunzi penipeni, ndi zilembo zagolide, n'kuponya m'magulu a WhatsApp. Sabata ziwiri zinadutsa, anaimba ndi munthu mmodzi, nayenso ankafuna puloti. Tsiku lina mnzanga wina, namwino amene wangosamutsidwira kuno kuchokera ku Zomba, anandipempha ndimuthandize kufuna pokhala. Ndinangomuyang'ana akufufuza pafoni. Analemba `house Luwinga`, kenako `2 bedroom`, kenako `self contained`. Nyumba ya azakhali, imene inali ndendende zomwe ankafuna, sinatuluke. Chifukwa chake n'chakuti WhatsApp imafufuza mawu olembedwa mu uthenga kapena pansi pa chithunzi, siwerenga zilembo zomwe zili m'kati mwa chithunzicho. Ndipo ngakhale ikanawerenga, ndani angalembe `dream home` akufuna pogona mwezi usanathe?

Apa mpamene ndinazindikira kuti mutuwo ndinalembera azakhali, kuti asangalale akauwerenga. Wofuna nyumba amabwera ndi mawu ake kale, ndipo ntchito yanga n'kungomubwezera mawu omwewo. Amayamba ndi mtundu wa nyumba, kenako dera, kenako ndalama. Ndinalembanso chonchi:

```
2 bedroom house for rent, Luwinga, Mzuzu, K250,000/month
Nyumba ya lendi ku Luwinga, self contained
```

Mzere wachiwiriwo ulipo chifukwa anthu athu amasakaniza zilankhulo. Wina alemba Chingerezi, wina alemba "nyumba ya lendi", ndipo ukasankha chimodzi, winayo wamutaya. Vuto lomweli lili pa mayina a madera. Ena amalemba Mchengautuwa, ena Mchengautuba, choncho nyumba ikakhala kumeneko ndimalemba onse awiri, limodzi pamutu, lina m'munsi. Dzina la Mzuzu palokha silithandiza kwenikweni, poti amene ali kale mumzinda muno salemba Mzuzu, amalemba Katoto, Chibavi kapena Zolozolo. Ndimaliikabe chifukwa cha obwera kuchokera kutali.

M'mafotokozedwe ndinachotsa mawu onse otamanda, ndinasiya mayankho a mafunso amene munthu akanafunsa pafoni. Mita ya magetsi ndi yakeyake kapena yogawana? Madzi ali m'nyumba? Muli mpanda? Landilodi akukhala pompo? Akufuna lendi ya miyezi ingati poyamba? Ndinawonjeza kuti kuchokera pageti la Mzuni ndi mphindi zingati wapansi, komanso kuti galimoto imafika pakhomo ngakhale mvula itagwa. Amene sanakhaleko kuno angaone ngati zimenezo n'zopanda pake, koma ife timawadziwa matope a ku Mzuzu. Mawa lake foni inayamba kulira, ndipo oimbawo sankafunsanso kuti "ili kuti?", ankafunsa kuti abwere nthawi yanji kudzaona.

Tsopano ndili ndi kope. Madzulo aliwonse ndimalembamo mawu enieni a anthu amene amalemba okha m'magulu kuti akufuna nyumba, osakonza ngakhale kalembedwe kolakwika. Ndikafuna kulemba mutu, ndimatola m'menemo. Kunena zoona, kope limeneli ndikuona kuti laposa zonse zimene ndalipirira fizi, ndipo aliyense amene amalemba mitu popanda kope lotere akungoponya mwala mumdima. Mwina ndikulikweza mopitirira, koma pakali pano simungandiuze kanthu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anatha masabata awiri akutiloweza mawu okometsera malonda, zitsanzo zawo zonse za nyumba zamamiliyoni zokhala ndi damu losambira. Nditafunsa za nyumba yachipinda chimodzi ku Chiputula anangoti mfundo zake n'zomwezo. Si zomwezo ayi. Ndipo ine ndimafika m'kalasi nditaweruka kuntchito, mutu utatopa, nthawi yoyesera zinthu pandekha ndilibe.

Pamene ndaimabe ndi pa mtengo ndi malo. Mkulu wina amene wakhalitsa pa ntchitoyi anandiuza kuti, "Achimwene, mukalemba zonsezo anthu akapita okha kwa landilodi, inu mudya chiyani?" Akunena zoona, chifukwa ukangoti kuseri kwa tchalitchi chakuti, wakabaza aliyense akamufikitsa munthu pakhomo. Kwa azakhali sizinandivute, poti sindinkayembekezera komishoni. Nyumba yotsatira ndi ya munthu wachilendo, ku Katoto, ndipo mutu wake ndaulemba kale kawiri, wina uli ndi mtengo, wina ulibe. Sindinasankhe kuti nditumize uti.