Anthu atatu, ntchito zinayi: mmene timagulira ndi kulipira katundu pa bizinesi yathu

Bizinesi yathu ndi yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, ndipo ogwira ntchito tilipo atatu basi: mwini wake, wosunga katundu, ndi wolemba mabuku amene amakhalanso pa kauntala. Titangoyamba, munthu mmodzi ndiye ankaitanitsa katundu, kumulandira, kulemba m'buku, n'kukonzanso malipiro. Palibe amene tinamugwira akuba. Vuto linali lakuti chinthu chikasokonekera panalibe podziwira, chifukwa mapepala onse ankachokera m'dzanja limodzi ndipo ankagwirizana okhaokha. Munthu akalakwitsa kuwerenga, cholakwacho chinkalowa m'buku, n'kulowanso m'malipiro, popanda wochipeza panjira.

Akatswiri owerengera chuma amati pa nkhani iliyonse ya ndalama pali ntchito zinayi zosayenera kukhala m'manja mwa munthu mmodzi: kuvomereza kuti chinthu chichitike, kusunga katundu kapena ndalamayo, kulemba m'mabuku, ndi kufananitsa zolembedwa ndi zenizeni. Kampani yaikulu imaika dipatimenti pa ntchito iliyonse. Ife anthu atatu sitingathe zimenezo, choncho tinasankha pamene pali chiopsezo chachikulu, ndipo mfundo yake ndi iyi: amene amagwira chinthu ndi manja asakhale amene amalemba za chinthucho. Wosunga katundu akamalembanso buku la katundu, akhoza kutulutsa zitini zisanu n'kuchepetsa buku ndi zisanu, ndipo pa tsiku lowerengera zonse zidzakwana ndendende. Chimodzimodzi wolemba mabuku akakhala ndi mphamvu yotumiza ndalama ku banki yekha.

Ndiye tinagawana motere. Wosunga katundu amanena zimene zatsala pang'ono kutha, amalandira katundu ndi kumuwerenga, koma buku la katundu salikhudza. Wolemba mabuku amalemba oda, amalowetsa mainvoisi ndi kukonza mndandanda wa zoti zilipiridwe, koma alibe kiyi wa kosungira katundu ndipo sangatulutse ndalama. Mwini amasaina oda, amavomereza malipiro, ndiponso amafananitsa mabuku ndi sitetimenti ya ku banki. Mwini wasenza ntchito ziwiri pa zinayi zija, kuvomereza ndi kufananitsa, ndipo tinachita dala chifukwa ndi iye amene amaluza ndalama zikasowa.

Mtima wa dongosolo lonseli ndi mapepala atatu amene amayenera kugwirizana tisanalipire: oda yathu, kalata yolandirira katundu, ndi invoisi ya wotigulitsa. Pepala lililonse limachokera kwa munthu wosiyana, ndipo mphamvu yake ili pamenepo. Tiyeni titenge oda ya zitini 60 za penti. Wolemba mabuku walemba odayo pa buku la manambala otsatizana, mwini wasaina. Kope imene imapita kwa wosunga katundu imaonetsa mtundu wa penti ndi dzina la wotigulitsa, koma chiwerengero timachibisa. Izi anthu ambiri amazidabwa. Chifukwa chake n'chakuti munthu akadziwiratu kuti kukubwera zitini 60, amangoyang'ana mulu n'kulemba 60, makamaka dalaivala akamamufulumizitsa. Akakhala kuti sakudziwa, sangachitire mwina koma kuwerenga chimodzichimodzi. Timamuuzanso kuti awerenge kaye, alembe pa kalata yathu, kenako ndiye ayang'ane chikalata chimene dalaivala wabwera nacho.

Galimoto yafika, wawerenga n'kupeza zitini 54, ndipo ziwiri mwa izo n'zophwanyika zikudontha. Akulemba kuti walandira zabwino 52, zowonongeka 2 zabwezedwa, ndipo dalaivala akusaina pomwepo. Siginecha ya dalaivala musaipeputse, chifukwa galimoto ikachoka popanda iyo wotigulitsa adzanena kuti zitini zisanu ndi zitatuzo zinasowera kwa ife. Patapita masiku atatu invoisi ikubwera, yalembedwa zitini 60. Wolemba mabuku akuika mapepala atatu aja pamodzi: oda 60, zolandiridwa 52, invoisi 60. Sakonza manambala pa invoisi ndi cholembera. Amaiimika kaye, n'kupempha wotigulitsa kuti atumize chikalata chochotsera mtengo wa zitini 8, kapena abweretse zotsalazo. Mtengo wa chitini chimodzi amaufananitsanso ndi umene uli pa oda, popeza nthawi zina chiwerengero chimakwana koma mtengo wakwezedwa mwakachetechete.

Chikhala kuti wolandira katundu ndi wokonza malipiro ndi munthu mmodzi, njira ziwiri zinali zotseguka. Yoyamba ndi ulesi chabe: kulipira 60 chifukwa invoisi yatero. Yachiwiri ndi kupangana ndi dalaivala, kusaina 60, zitini zisanu ndi zitatu n'kukatsitsidwa kwina. M'mabuku njira ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi.

Polipira, wolemba mabuku amakonza malipiro pa akaunti ya ku banki ya pa intaneti, koma ndalama sizichoka mpaka mwini atalowa ndi nambala yake yachinsinsi n'kuvomereza. Mabanki ambiri ali ndi dongosolo lotere pa maakaunti a bizinesi, la wokonza ndi wovomereza, koma umafunika kulipempha. Mwini savomereza poona mndandanda wokha. Amafuna mapepala atatu aja ali omata pamodzi, ndipo akalipira amadinda pa invoisi kuti yalipiridwa, n'kulemba tsiku. Chidindocho chimatseka khomo la kulipira kawiri. Invoisi imodzi ikhoza kubwera ndi dalaivala, n'kubweranso pa imelo. Wina akailowetsa ngati 0417, tsiku lina ngati 417, kompyuta imaziona ngati ziwiri zosiyana. Poti kalata yolandirira katundu ndi imodzi yokha ndipo inamatidwa kale ku invoisi yoyamba, yachiwiriyo imasowa mnzake ndipo siingadutse.

Pamene timaumitsa kwambiri ndi pa mndandanda wa otigulitsa. Kuwonjezera dzina latsopano kapena kusintha nambala ya akaunti yawo ndi ntchito ya mwini yekha. Munthu amene angathe kulembetsa wotigulitsa watsopano n'kukonzanso malipiro akhoza kupeka kampani yoti kulibe, n'kumailipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi pa zinthu zosaoneka ndi maso monga mayendedwe kapena kukonza makina, zimene zilibe kalata yolandirira katundu. N'chifukwa chake invoisi ya ntchito yotere imasainidwa ndi amene anaona ntchitoyo ikugwiridwa, osati wolemba mabuku. Kalata ikabwera yonena kuti wotigulitsa wasintha akaunti, mwini amaimba foni pa nambala imene tinali nayo kale m'faelo. Nambala yolembedwa pa kalatayo sitiigwiritsa ntchito, chifukwa ngati kalatayo ndi yachinyengo, woyankha foniyo ndi wakubayo.

Mwezi ukatha pamabwera ntchito yachinayi, imene eni mabizinesi ambiri amaitaya chifukwa ndi yotopetsa. Sitetimenti ya ku banki mwini amaitenga yekha kuchokera ku banki, isanadutse m'manja mwa wina aliyense, chifukwa pepala lodutsa mwa munthu amene ukumufufuza likhoza kusinthidwa. Amayang'ana mzere uliwonse wa ndalama zotuluka: dzina la wolandira akulidziwa? Pali ndalama yofanana imene yapita kawiri kwa munthu mmodzi? Pali malipiro amene alibe invoisi yodindidwa? Pa bizinesi ya msinkhu wathu zimatenga ola limodzi kapena awiri. Amapemphanso otigulitsa akuluakulu atatu kuti atumize sitetimenti yawo mwachindunji kwa iye. Iwo akamati tili ndi ngongole pamene buku lathu likuti tinalipira, ndiye kuti ndalamayo inapita kwina kapena inalembedwa pa dzina lolakwika.

Katundu timamuwerenga pang'onopang'ono, mitundu khumi sabata iliyonse, tsiku losalengezedwa. Wowerenga ndi mwini kapena wolemba mabuku, wosunga katundu ali pomwepo akuona. Pa penti uja masamu ake ndi awa: tinali ndi zitini 18, talandira 52, malisiti akuonetsa kuti tagulitsa 41, choncho pa shelefu payenera kukhala 29. Tikapeza 26, sitithamangira kuloza munthu chala. Timayamba taona ngati pali katundu amene anatengedwa pa ngongole osalembedwa, kapena ngati penti uyu anagulitsidwa pa dzina la penti wa mtundu wina. Zikatero mtundu winawo umapezeka wochuluka ndi zitini zitatu. Zikapanda kupezeka, kusiyanako kumalembedwa ndipo mwini yekha ndiye amasaina kuti buku lisinthidwe. Kusowa kamodzi sikunena zambiri. Chotidetsa nkhawa ndi kusowa kwa katundu yemweyo miyezi itatu yotsatizana, kapenanso buku limene limakwana ndendende nthawi zonse, poti malo enieni osungira katundu sakhala opanda kolakwika ngakhale pang'ono.

Dongosololi limagwa mosavuta munthu mmodzi akadwala kapena akapita ku tchuthi. Atsala awiri, katundu wafika, ndipo chapafupi n'kuuza wolemba mabuku kuti alandire. Ife timati mwini ndiye alandire, ndipo ngati zakanika, malipiro a katundu ameneyo adikire mpaka munthu wachiwiri atawerenganso. Tchuthicho timachikakamiza ndithu, milungu iwiri yotsatizana pa chaka, wina n'kugwira ntchitoyo. Chinyengo chambiri chimafuna kuchisamalira tsiku ndi tsiku, ndipo wochita chinyengocho akachokapo chimayamba kuonekera. Wantchito wokana tchuthi zaka ndi zaka, amene safuna kuti wina akhudze mabuku ake, akhoza kungokhala wolimbikira, komabe mabukuwo ndi oyenera kuwaona.

Pali ziwiri zimene kugawana ntchito sikungatseke. Wosunga katundu ndi wolemba mabuku akapangana, mapepala atatu aja adzagwirizana bwinobwino ngakhale ali abodza, ndipo chotsala ndi kuwerenga kwadzidzidzi kwa mwini ndi masitetimenti ochokera kunja. Chachiwiri ndi mwini yemweyo. Tsiku limene watanganidwa n'kupereka nambala yake yachinsinsi kwa wolemba mabuku kuti "mungovomereza, ndiona mawa", kapena kusaina macheke opanda kanthu asanapite pa ulendo, wokonza ndi wovomereza asanduka munthu mmodzi, ndipo zolemba za ku banki zidzaonetsa kuti anavomereza ndi mwini. Chimodzimodzi akatapa ndalama mu kabati osalemba: wa pa kauntala sangafunsidwenso za kuperewera kwa tsiku limenelo, ngakhale kwa masiku ena. Choncho mwini akafuna ndalama kapena katundu wa iye mwini, amalemba kapepala ngati wina aliyense, wolemba mabuku n'kukalowetsa, ndipo kamodzi pa chaka wowerengera chuma wochokera kunja amaona mapepala amenewo pamodzi ndi ena onse.