Sabata yomasulira mawu a mu labotale ku Kasungu

Sabata yathayi ndinapatsidwa ntchito yoika m'Chichewa kabuku ka malangizo a ogwira ntchito mu labotale ya chipatala china kuno ku Kasungu. Lolemba ndi Lachiwiri tinali pa mawu awiri amene sanativute kwambiri. Kalicha tinagwirizana kuti ndi kumeretsa tizilombo, kutanthauza kupaka mkodzo kapena mafinya a wodwala pa chakudya cha tizilombo m'kambale, kuti tichulukane mpaka tioneke ngati timadontho. Kupakako eni ntchito amakutcha kufesa, poti ambiri anakulira pa nazale za fodya, ndipo ndinalemba momwemo. Inkyubeshoni tinati kufungatira, koma ndinaumirira kuti nthawi zonse pazilembedwanso madigiri 35 mpaka 37 kwa maola 18 mpaka 24, kuopa kuti wina angaganize kuti kutentha kwa m'chipinda mwezi wa Okutobala n'kokwanira.

Liwu limene linatidyera masiku otsalawo ndi siterayilo. M'zolemba zakale zimene ndinazipeza analimasulira kuti choyera, ndipo ine ndimaona kuti kumasulira kotere n'koopsa, chifukwa botolo lotsukidwa ndi sopo ndi loyeradi, pamene tizilombo tikadalimo. Mayi amene amayang'anira labotaleyo anandionetsa kambale ka mkodzo kamene kanagona mu inkyubeta, bokosi lofunda lofungatiramo timbale. Pamwamba pake panali timadontho ta mitundu itatu, tosiyana kukula ndi maonekedwe. "Bambo, matenda a m'chikhodzodzo kawirikawiri amameretsa mtundu umodzi," anatero. "Ikafika itatu timadziwa kuti talowa ta pakhungu kapena ta m'botolo, ndiye zotsatirazi sitingazipereke kwa dokotala." Wodwalayo anayenera kuperekanso mkodzo wina, wa pakati pokodza, m'botolo losatsegulidwapo, n'kudikiranso tsiku lina lathunthu.

Pamenepo tinasiyanitsa zinthu zitatu. Kutsuka kumachotsa litsiro looneka. Kupukuta tebulo ndi sipiriti kapena kolorini kumapha tizilombo tambiri koma osati tonse, pakuti tina timadzitchinga m'kachikopa kolimba. Chinthu chimakhala siterayilo chikapsa ndi nthunzi mu otokilevu, chipangizo chonga mphika wotsekeka kwambiri, pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, ndipo ichi tinachitcha chopanda kachilombo kamoyo ngakhale kamodzi. Ndi mawu aatali, koma sindinalole kuti tiwadule.

Kagwiridwe ka ntchito yofesa popanda kulowetsa tizilombo tina tinakalemba ngati zochita za manja: wotchani kawaya kofesera mpaka kafiire, kadikireni kazizire kasanakhudze mkodzo, musaike chivindikiro patebulo, ndipo musayankhule kambale kali kotsegula. Tinawonjezeranso kuti pa mbale zimene zakonzedwa pamodzi, imodzi izifungatiridwa yosafesedwa, chifukwa ikamera kanthu ndiye kuti zonsezo n'zokayikitsa. Lachisanu wophunzira ntchito wina anawerenga tsambalo mokweza uku akuchita zimene likunena, ndipo pamene panalembedwa kuti kazizire anafunsa kuti kwa nthawi yaitali bwanji. Tinalembapo kuti akhudzitse kaye kawayako m'mphepete mwa chakudya, pamene sanafesepo.