Mayankho anayi, onse ochokera m'funso limodzi

Usiku wathawu ndamaliza gawo la kawerengedwe ka mtengo wa masheya m'buku langa la mafunso a FM, phunziro la Financial Management pa mayeso a maakaunti a ACCA, ndipo ndagona mtima uli m'malo. Funso lomwe linandidyera masiku ndi lamamalikisi awiri okha. Amene mwalembapo mayeso a ACCA mukudziwa kuti malikisi imodzi ndi mphindi 1.8, ndiye funso lotere liyenera kutha mphindi zinayi zisanakwane. Ine ndakhala nalo patebulo ngati mlendo wosatsazika.

Funsolo likuti kampani yakhala ikupereka dividendi motere: masenti 20 mu 2020, 21 mu 2021, 22.5 mu 2022, 23.2 mu 2023 ndi 24.3 mu 2024. Dividendi ya 2024 yangoperekedwa kumene. Phindu lomwe eni masheya akuyembekezera ndi 12 peresenti pachaka. Sheya imodzi ndi ndalama zingati? Mayankho osankhapo ndi $3.16, $3.47, $3.65 ndi $3.89.

Fomyula si vuto, amatipatsa kale papepala la mafomyula. P0 ndi mtengo wa sheya lero, D0 ndi dividendi yomwe yangoperekedwa kumene, g ndi kukula kwa dividendi, re ndi phindu lomwe eni masheya akuyembekezera:

```
P0 = D0(1 + g) / (re − g)
```

Chomwe chinandisowetsa tulo n'chakuti njira iliyonse yomwe ndinkayesa, yankho linkapezeka pamndandandawo. Munthu umadina kakyuleta, umayang'ana, n'kuona nambala yako ili pomwepo, mtima n'kukhala pansi. Osadziwa kuti wolemba funso anakudikirira kale panjira imeneyo. Ndiye ndinaleka kusaka yankho lolondola, n'kuyamba kufufuza komwe lililonse mwa anayiwo likuchokera.

Tiyambe ndi g, kukula kwa dividendi. Manambala alipo asanu, koma kuchoka mu 2020 kufika mu 2024 dividendi yakwera kanayi. Pakakyuleta ndi chonchi:

```
(24.3 ÷ 20)^(1 ÷ 4) − 1 = 0.0499
```

Imeneyo ndi 5 peresenti. Amene wawerenga manambala m'malo mowerenga mipata yapakati pake aika 5 pomwe pali 4, apeza g ya 4 peresenti, ndipo 24.3 kuchulukitsa ndi 1.04 n'kugawa ndi 0.08 zimupatsa masenti 316. Ndiye $3.16 uja. Manambala apakati aja, 21, 22.5 ndi 23.2, sagwira ntchito ina iliyonse kupatula kukuthandiza kuwerenga zaka. Angokhalapo kuti maso achuluke zoona.

$3.47 ndi wa munthu amene g waipeza bwino koma waiwala kukweza dividendi. Watenga 24.3 n'kugawa ndi 0.07 basi. Apa ndi pomwe ndinakhalitsa, chifukwa ndinkafuna ndimvetse chifukwa chake m'malo mongoloweza. Wogula sheya lero salandira masenti 24.3 aja, anapita kale m'thumba mwa mwini wakale. Yoyamba kufika kwa iye ndi ya chaka chamawa, 24.3 kuchulukitsa ndi 1.05, yomwe ndi masenti 25.5. Mukagawa 25.515 ndi 0.07 mupeza masenti 364.5, kutanthauza $3.65, ndipo ili ndiye yankho. Koma funso likanena kuti dividendi ya chaka chamawa idzakhala 24.3, nambalayo ndi D1 kale, simuikwezanso, ndipo $3.47 yemwe uja amasanduka wolondola. Manambala omwewo, kasinthidwe ka mawu awiri atatu.

$3.89 ndiye wochenjera kwambiri. Ndi 364.5 kuphatikiza 24.3. Umenewu ndi mtengo wa `cum div`, pamene dividendi yalengezedwa koma sinaperekedwe, moti wogula ailandira masiku akubwerawa. Fomyula ija nthawi zonse imatulutsa mtengo wa `ex div`, wopanda dividendiyo. Funso likati dividendi yatsala pang'ono kuperekedwa ndipo likufuna mtengo wa `cum div`, mumawonjezera. Zikatembenuka, akakupatsani mtengo wa `cum div` n'kumafuna re, mumayamba mwachotsa dividendiyo pamtengo musanalowetse mufomyula. Panopa ndisanagwire kakyuleta ndimalemba kaye pambali mawu amodzi: yaperekedwa, ikubwera, kapena yachaka chamawa. Kuyambira pamenepo mafunso amtunduwu akuyenda.

Za kakyuleta, ndikadali ndi Casio yanga yakale yakusekondale, batani la mphamvu lidafufutika koma chala chimadziwa pomwe lili. Buku la mafunsolo ndidagula kwa bambo wina wogulitsa mabuku akale mumsika, amene amandisungira akangolandira a maakaunti. Mwini wake woyamba ankazunguliza mayankho ndi bolopeni, ndiye ndimawerenga nditaphimba ndi kapepala. Pafunso lathuli iye adazunguliza $3.47.

Mbali ya P/E ndinkaiderera, poti ndi kuchulukitsa chabe: EPS, phindu la kampani pa sheya iliyonse, kuchulukitsa ndi P/E ya makampani ofanana nayo, yomwe ndi mtengo wa sheya yawo kugawa ndi EPS yawo. Msampha wake uli popeza EPS. Kampani yomweyi akuti phindu lake msonkho utachotsedwa ndi $5.2 miliyoni, dividendi ya masheya a pulefarensi ndi $0.4 miliyoni, masheya wamba alembedwa $6 miliyoni, sheya iliyonse masenti 50, ndipo P/E ya anzake ndi 10. Madola 6 miliyoni aja si chiwerengero cha masheya. Pa masenti 50 iliyonse, masheya alipo 12 miliyoni. Phindu la eni masheya wamba ndi 5.2 kuchotsa 0.4, kutsala 4.8 miliyoni. EPS ndi masenti 40, mtengo ndi $4.00. Woiwala pulefarensi apeza $4.33, wogawa ndi 6 miliyoni apeza $8.00, ndipo musakayike, onsewo adzakhala pamndandanda.

Tsono kampani imodzi, njira ina ikuti $3.65, ina $4.00. Palibe yonama. Ya dividendi ikuyang'ana zomwe zimafika m'manja mwa munthu wa masheya ochepa, amene alibe mawu pa kagawidwe ka phindu. Ya P/E ikubwereka maganizo a msika pa makampani ena n'kuwaveka pa iyi. N'chifukwa chake kampani ikakhala yosalembetsedwa pamsika wa masheya, P/E yobwerekayo amaitsitsako, poti masheya ake ndi ovuta kugulitsa. Koma m'funso lalifupi musatsitse mwa nokha ngati sanakuuzeni.

Ineyo fomyula ya dividendi ija, yomwe amaitcha ya Gordon, sindiikhulupirira kwenikweni kunja kwa mayeso. Tangosinthani g kuchoka pa 5 kufika pa 6 peresenti: pamwamba 25.76, pansi 0.06, mtengo wadumpha kufika $4.29. Peresenti imodzi yokha, masenti oposa 60. Ndipo g ikafanana ndi re kapena kuiposa, fomyula imafa, imatulutsa nambala yopanda tanthauzo. Chaka chatha ndidaseweretsako pa masheya a pamsika wathu wa ku Blantyre. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu n'kumangokwera mitengo, kukula kwa dividendi m'makwacha kumaoneka kwakukulu moti simungakutenge ngati kokhalitsa mpaka kalekale, chonsecho fomyula imafuna g yosasintha mpaka muyaya. Kasipuledishiti kameneko ndidakasiya theka.

Kutsogoloku kuli mafunso omwe dividendi imaima zaka ziwiri kapena zitatu isanayambe kukula, pomwe umapeza mtengo wa chaka chachitatu n'kuubweza kufika lero. Palinso `g = b × re`, pomwe b ndi gawo la phindu lomwe kampani imasunga osagawa, yemwe sindinamugwire bwino. Zikatheka ndikufuna ndidzipangire ndekha mafunso a gawo lonseli, lililonse ndi mayankho atatu abodza omwe ndikudziwa kochokera kwake, kenako ndibwerere kukasipuledishiti kaja ndiike makampani onse apamsika. Amene muli ndi funso la `cum div` lomwe likufuna re, nditumizireni ndiyesere.